Batire la sola: lotsika mtengo lero, nanga likhala zaka zingati?

Ambiri pogula batire la sola amayang'ana mtengo wokha, n'kusankha la asidi. Komatu batire la asidi la 100Ah silifuna kuphwetsedwa kupitirira theka, choncho mphamvu yanu yeniyeni ndi 50Ah basi. Mukamaliphwetsa mpaka mababu kuzima, makamaka m'nyumba yamalata yotentha, limafooka msanga. Mudzazindikira poona wailesi yakanema ikuthima nkhani zamadzulo zisanathe. Logwira ntchito tsiku lililonse kawirikawiri limatha pa zaka 2 kapena 3.

La lithiyamu, lolembedwa LiFePO4, mtengo wake ndi wowirikiza kawiri kapena katatu, koma limapereka 80Ah mosavutika ndipo likasamalidwa limafika zaka 8 mpaka 10. M'zaka zimenezo mudzakhala mutagula la asidi katatu. Musanasinthe, funsani katswiri ngati kontirola yanu ikugwirizana nalo.