Zikhulupiriro ndi zoona: kodi akaunti ndi yanu kapena ndi ya simukhadi?

Amalonda ambiri a ku Entre Lagos ndi ku Mandimba amayenda ndi masimukhadi awiri. Ina imakhala ya Movitel kapena Vodacom, ya +258, ina ya Airtel kapena TNM, ya +265, yoimbira makasitomala a ku Nayuchi ndi ku Chiponde. Moyo woterewu wabala zikhulupiriro zingapo pa nkhani yolowa m'maakaunti a pafoni, ndipo zina zimatayitsa anthu malonda.

Chofala kwambiri n'chakuti manambala achinsinsi obwera pa meseji ndiwo njira yotetezeka koposa, poti palibe choloweza pamtima. Kuphweka kwake n'koona ndithu. Koma njirayi imangotsimikiza kuti amene akulowayo ali ndi simukhadi ya nambalayo panthawiyo. Dzina lake kapena nkhope yake siziidziwa.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje amene anatsegula WhatsApp ndi nambala ya Airtel, kenako n'kukhazikika ku Cuamba. Simukhadi ya Airtel anaichotsa kalekale, koma WhatsApp ikugwirabe ntchito ndi intaneti ya Movitel, chifukwa pulogalamuyi imafuna nambala ija polembetsa basi. Mayiyo aganiza kuti zonse zili bwino. Tsiku lina foni yagwera m'madzi, wagula ina. WhatsApp itumiza manambala 6 ku nambala ya Airtel ija. Ngati simukhadiyo ilipobe, mesejiyo ingafike pokhapokha ngati nambalayo ikuloledwa kugwira ntchito kunja kwa Malawi, apo ayi ndi ulendo wa ku malire kukasaka netiweki. Ngati inakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani ikhoza kukhala itaitseka n'kuigulitsa kwa munthu wina. Munthu ameneyo akalembetsa WhatsApp, makasitomala onse amene anasunga nambalayo azilembera iye. Chimene mayiyo akanachita simukhadi yakale isanafe ndi kulowa pa Settings, Account, Change number, n'kusamutsira akauntiyo ku nambala ya Movitel.

Akuba nawo amadziwa kufooka komweku. Sathyola chilichonse, amangopempha. Amalemba nambala yanu pa foni yawo, meseji ija ifika kwa inu, kenako akulemberani ngati mnzanu kuti "ndatumiza manambala kwa inu molakwitsa, tandibwezerani". Chizindikiro chake n'chosavuta: manambala akabwera inu musanawapemphe, wina akuyesa kulowa. Mankhwala ake ndi Two-step verification ya WhatsApp, yomwe imawonjezera manambala ena 6 osankha nokha. Ikaniponso imelo, chifukwa mukawaiwala popanda imelo mudikira masiku 7.

Ena amati mawu achinsinsi ndi zachikale. Si zoona. Ubwino wake ndi wakuti sadalira simukhadi kapena netiweki ya dziko lililonse, amawoloka nanu malire. Vuto lili pa kasankhidwe. Chaka chobadwa, nambala ya foni, dzina la mwana, zonsezi mlamu wanu angazilote. Mawu anayi osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, amaposa kutali mawu aafupi odzaza zizindikiro. Ndipo manambala a M-Pesa, e-Mola kapena Mpamba asamakhale omwewo otsegulira foni, pakuti amene wakusuzumirani pamsika mukutsegula foni ndiye kuti watenganso kiyi wa ndalama.

Pa batani lija la Continue with Google, kapena Continuar com o Google pa foni ya Chipwitikizi, anthu amaopa kuti pulogalamuyo iona mawu awo achinsinsi a Gmail. Siiona. Google imangoiuza kuti munthuyu ndi yemweyo, n'kuipatsa dzina, imelo ndi chithunzi. Choopsa chenicheni chili kwina. Ambiri akaunti yawo ya Google inatsegulidwa ndi mnyamata wa pashopu tsiku logula foni, ndipo iwo sadziwa ngakhale mawu achinsinsi ake. Nthawi zina nambala yobwezera akauntiyo imakhala ya mnyamatayo. Mapulogalamu onse amene munalowa kudzera pa batanilo apachikidwa pa msomali umodzi umenewo, moti foni ikatayika zonse zimapita limodzi.

Kwa munthu wa m'malire, ine ndimaona kuti Google ndi njira yabwinopo kuposa meseji, bola akauntiyo ikhale yakedi. Asinthe mawu achinsinsi, aonetsetse kuti nambala yobwezera ndi imene amaikamo mayunitsi kawirikawiri, atsegule 2-Step Verification, kenako atenge Backup codes. Amakhala 10, aliwonse a manambala 8, ndipo aliwonse amagwira ntchito kamodzi kokha popanda kudikira meseji. Awalembe papepala n'kuwasunga kunyumba pamodzi ndi chiphaso, osati m'foni momwemo.