Bwana Akalonjeza Pakamwa, Mulembereni Kalata Yokumbutsa

Tiyerekeze kuti mphepo yasasula denga la makalasi awiri pasukulu ya kwanu. Kwabwera mkulu wina wa kukhonsolo, waona zinthu zili mbwee, ndipo pamaso pa komiti ya sukulu ndi amfumu wanena kuti: "Musadandaule, malata 60 afika mwezi uno usanathe." Anthu aomba m'manja, galimoto yapita. Patatha miyezi itatu mukupita kuboma, mukupeza kuti bwana uja anasamutsidwa, ndipo amene wakhala pampando wake akukufunsani mwaulemu ndithu kuti, "Muli ndi pepala lililonse?"

Sikuti akukuzembani. Ofesi ya boma imakumbukira zimene zili mufayilo basi, ndipo zomwe zinanenedwa pansi pa mtengo wa mango sizilowamo zokha. Amene angazilowetse ndinu, polemba kalata yokumbutsa zimene munagwirizana. Ilembeni tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, anthu asanayambe kusiyana mawu kuti malata aja anati 60 kapena 100.

Kalatayo ipite kwa mwini ofesi, amene kukhonsolo ndi bwanamkubwa wa boma, ndipo dzina la udindo wa bwana analonjeza uja lilembedwe pansi pake kuti nayenso aione. Mukalembera munthuyo payekha, kalata imathera mudirowa yake. Thunthu lake lingamveke motere:

"Bwana, tikulemba pofuna kutsimikizira zimene tinakambirana pa 6 Febuluwale pasukulu yathu, pomwe panali komiti ya sukulu, mphunzitsi wamkulu ndi a gulupu. Mkulu woona za maphunziro ananena kuti khonsolo itumiza malata 60 pasanafike pa 28 Febuluwale, ndipo ife tinavomera kupeza mitengo ya denga ndi mmisiri. Ngati pali pamene sitinamve bwino, chonde tidziwitseni pasanathe masiku 14."

Taonani kuti mbali yanu nayonso yalembedwa. Ambiri amaiwala zimenezi, ndiye ofesi imadzanena kuti inkadikira inu. Musakometsenso lonjezo. Ngati bwana anati "tiyesetsa", lembani kuti anati ayesetsa, kenako funsani kuti yankho lenileni mulimva liti. Kusandutsa "tiyesetsa" kukhala "tipereka" kumapatsa ofesi mpata wokana kalata yonse, ndipo kuchokera pamenepo sadzakhulupiriranso pepala lochokera kwa inu. Madandaulo akale ndi mawu okalipa asiyeni kunyumba.

Konzani makope awiri ofanana, asayinidwe ndi wapampando ndi mlembi wa komiti, mupite nawo kurejisitire, kumene makalata onse olowa amalembedwa m'buku. Kope imodzi musiye, inayo aidinde chidindo chokhala ndi tsiku, wolandirayo asayinepo, mubwerere nayo. Kope yopanda chidindo imangosonyeza kuti munalemba, osati kuti ofesi inalandira. Kupatsira dalaivala kapena mesenjala amene mwakumana naye pamsika n'kutaya kalata, ngakhale munthuyo akhale wa mtima wabwino chotani.

Lonjezo la pafoni njira yake ndi yomweyo, kungoti mulembe nthawi imene munaimbirana ndi nambala imene munaimba. Uthenga wa pa WhatsApp wobwereza zimene mwamva umathandiza, makamaka bwana akayankha kuti zili choncho, pakuti lamulo la 2016 loona za mauthenga a pamakina limalola kuti uthenga wotere ukhale umboni. Koma mafoni amabedwa, ena amagwera m'madzi. Sindikizani uthengawo papepala, ndipo kalata ya kurejisitire ipitebe.

Kalata yanu ili ndi malire ake. Siyisandutsa lonjezo kukhala ngongole. Ngati wolonjezayo analibe mphamvu pa ndalamazo, kapena malatawo sali mubajeti, khonsolo ikhoza kukana, ndipo kukhala chete kwawo masiku 14 aja sikutanthauza kuti avomera. Chimene mwapindula n'chakuti tsopano ayenera kukana poyera. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa zake molemba pamene chigamulo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu wake kapena chinthu chimene anali ndi chifukwa chomveka chochiyembekezera. Kuti musonyeze kuti munkayembekezeradi malata, mudzatulutsa kope yodindidwa ija.

Tsiku lolonjezedwa likadutsa, lembani kalata yachiwiri yaifupi, mutchule tsiku la yoyamba ndi kuphatikizapo kope yake. Iyinso idindidwe. Zikakanika apa ndi pamene mungapite ku ofesi ya Ombudsman, imene imamva kwaulere madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma, ndipo kumeneko adzafuna kudziwa ngati munayamba mwadandaula ku ofesi yomwe ikukhudzidwayo. Makope odindidwa asungidwe mufayilo ya sukulu, osati kunyumba kwa wapampando, chifukwa komiti imasintha pakachitika zisankho.