Mapepala Akakangana, Wolemba Asaime Patali

Amene amayang'anira kafukufuku wa ophunzira a m'mayunivesite amauzindikira msanga mutu wachiwiri umene sunapse. Ndime yoyamba imayamba ndi dzina la katswiri ndi chaka, yachiwiri chimodzimodzi, mpaka masamba khumi. Mutuwu, umene ophunzira amautcha litirecha riviyu, ndi wounika zimene ena analemba kale pa nkhani imene munthu akufufuza. Kuyesa ngati wapsa n'kosavuta: kusinthanitsa ndime yachitatu ndi yachisanu ndi chiwiri. Ngati palibe chasokonekera, ndiye kuti wolembayo wangoika mapepala pamzere ngati anthu odikira kuchigayo, aliyense ndi thumba lake.

Nkhani ya feteleza wa makuponi ikusonyeza bwino vutoli. Pulogalamu ya FISP inayamba m'nyengo ya 2005/06, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo akatswiri ailemba kwambiri. Wophunzira wa zaulimi, tinene wa ku Bunda, angathe kulemba motere: mu 2009 Denning ndi anzake anapeza kuti dziko linakolola chimanga choposa chimene limafuna. Mu 2011 Ricker-Gilbert, Jayne ndi Chirwa anapeza kuti feteleza wa makuponi anachepetsa amene alimi ankagula okha. Mu 2012 Chibwana, Fisher ndi Shively anapeza kuti olandira makuponi ku Kasungu ndi ku Machinga anawonjezera malo a chimanga. Zonsezi n'zoona, koma wowerenga atsala ndi funso: tsono pulogalamuyi inathandiza kapena ayi?

Kukonza kwake sikuyambira pa ziganizo, kumayambira pa tebulo. Pepala lililonse limapatsidwa mzere wake wopingasa, ndipo mizere yotsika imakhala mafunso: anayeza chiyani, ziwerengero anazitenga kuti, zaka ziti, anapeza chiyani. Tebulo likadzaza, wolemba amaleka kuliwerenga chopingasa n'kuyamba kuliwerenga chotsika.

Apa ndi pamene zobisika zimatulukira. Denning ndi anzake anadalira ziwerengero za zokolola za dziko lonse. Ricker-Gilbert ndi anzake anatsatira mabanja omwewo m'nyengo zosiyana, ndipo anapeza kuti pa makilogalamu 100 alionse a feteleza wa makuponi, alimi ankachepetsa feteleza wogula okha ndi makilogalamu pafupifupi 22. Kwa osaukitsitsa chiwerengerochi chinali pafupifupi 18, kwa opezako bwino pafupifupi 30. Ndiye kuti mapepala awiriwa sakutsutsana kwenikweni. Lina likufunsa ngati nkhokwe za dziko zinadzaza, linalo likufunsa kuti mwa feteleza amene boma linalipira, wowonjezeradi m'munda anali wochuluka bwanji. Wolemba amene waona zimenezi wapeza mfundo yakeyake, imene sinalembedwe m'pepala lililonse mwa awiriwa.

Magawo a mutuwo tsopano amachokera ku mafunso, osati ku maina: zokolola zinakweradi motani, makuponi anafika kwa yani, nanga mbewu zina zinaona zotani. Pepala limodzi likhoza kuoneka m'magawo atatu, ndipo zimenezi n'zololedwa. Buku la Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward la mu 2013, mwachitsanzo, limakhudza zokolola, kasankhidwe ka olandira komanso ndalama zimene boma linalowetsa. Kulitsekera m'ndime imodzi n'kuliwononga.

Ndime iliyonse iyambe ndi zimene wolembayo akunena, maina abwere pambuyo monga mboni. M'malo moyamba ndi dzina la Ricker-Gilbert, ndime ingayambe motere: kupindula kwa pulogalamuyi kunadalira kwambiri amene analandira kuponi, chifukwa mlimi wopezako bwino akanagula feteleza ngakhale popanda thandizo. Kenako pabwere 18 ndi 30 uja, ndi ena amene analemba za kagawidwe ka makuponi m'midzi. Timawu tolumikiza nato timasintha. M'malo mwa "komanso" wobwerezabwereza pamabwera "koma", "chifukwa", "ngakhale zili choncho".

Pali msampha umene ambiri amagweramo. Amaika timitu tokongola, monga "Zokolola" ndi "Kasankhidwe ka Olandira", koma pansi pake mndandanda uja uli chikhalire, wangoduladulidwa. Kamutu sikakonza kanthu ngati palibe chiganizo chimene mapepala awiri akumaniranamo. Msampha wina ndi wokoka pepala kuti ligwirizane ndi mfundo ya wolemba. Zimene anapeza a Chibwana ndi anzawo ndi za maboma awiri, ndipo wozinena ngati za Malawi yense wanamiza wowerenga.

Mapepala ena amasowa malo m'magawo atsopanowa, ndipo kuwachotsa kumawawa kwa amene anawawerenga usiku wonse. Achotsedwe ndithu. Gawo lomaliza lisonyeze pamene umboni wathera. Mapepala onse atchulidwa pano ndi a nthawi ya FISP, pamene mu 2020 boma linabweretsa AIP, imene inafikira alimi ochuluka kwambiri kuposa kale. Wophunzira amene akufuna kudziwa ngati chiwerengero cha 22 chija chinasintha pansi pa AIP ali ndi funso la kafukufuku wake, ndipo mutu wachitatu uyenera kufotokoza mabanja amene adzawafunse.