Funso lomwe silaidi ya kakyulasi siyenera kubisa

Masamu a kakyulasi ali ndi ntchito ziwiri zotsutsana. Yoyamba, difarenshiyeshoni, imatiuza liwiro lomwe chinthu chikusinthira, ndipo yankho lake limatchedwa derivetivu. Yachiwiri, intigireshoni, imabwerera m'mbuyo: ukadziwa liwiro la galimoto pa nthawi iliyonse, umapeza mtunda womwe yayenda. Ntchito yoyambayo ili ndi malamulo ongotsata. Yachiwiriyi imafuna kuti munthu asankhe yekha njira, ndipo ophunzira ambiri a chaka choyamba ku yunivesite amakakamira pamenepa.

Vuto lina limachokera ku masilaidi omwe aphunzitsi amaonetsa pakhoma. Pamwamba pa silaidi palembedwa kale "Integration by Parts", ndiye wophunzira samu isanayambe wauzidwa kale njira. Tsiku la mayeso mutuwo palibe, pali samu yokha. Ine ndimaona kuti silaidi yothandiza ndi yomwe yaika masamu awiri ofanana nkhope pamodzi, popanda dzina la njira:

```
A:  ∫ x·e^(x²) dx
B:  ∫ x·e^x dx
```

Chilembo e ndi nambala, pafupifupi 2.718. Kusiyana kwa A ndi B ndi ka 2 kakang'ono kokha, koma njira zake ndi zosiyana.

Funso loyamba kudzifunsa ndi ili: kodi pali chinthu chomwe chili m'kati mwa chinzake, pomwe derivetivu yake yaima panja? Mu A, x² ili m'kati mwa e, ndipo derivetivu ya x² ndi 2x. Panja pali x. Chasowa ndi 2 yekha, ndipo nambala wamba sivuta kuikonza. Apa njira yake ndi sabusitityushoni, kupatsa cham'katicho dzina latsopano:

```
u = x²,  du = 2x dx,  x dx = ½ du
∫ ½·e^u du = ½·e^(x²) + C
```

Chizindikiro choti zayenda bwino ndi chakuti x yense watha, kwatsala u yekha. Ngati x wina wakanirira ndipo sangalembedwe mosavuta pogwiritsa ntchito u, njirayo yakana. Mzere wa `x dx = ½ du` ndi womwe masilaidi ambiri amalumpha pofuna kusunga malo, chonsecho ndi pamene theka lija limabadwira. Wophunzira yemwe sanauone amangoloweza yankho.

Mu B mulibe chobisika m'kati. Ndi zinthu ziwiri zosiyana mtundu zochulukitsidwa, x ndi e^x. Ukayesa u = x, wangosintha chilembo, samu ili pomwepo. Apa pafunika intigireshoni ya magawo, yomwe Brook Taylor wa ku England anaisindikiza mu 1715. Imachokera ku lamulo lopezera derivetivu ya zinthu ziwiri zochulukitsidwa, kungoti lawerengedwa chobwerera:

```
∫ u dv = u·v − ∫ v du
```

Onani kuti lamuloli silimaliza samu. Limangosinthanitsa samu yomwe uli nayo ndi ina, choncho phindu limakhalapo pokhapokha yatsopanoyo ikakhala yopepuka. N'chifukwa chake u amayenera kukhala gawo lomwe limaphweka ukapeza derivetivu yake. Derivetivu ya x ndi 1, pomwe e^x sasintha:

```
u = x,  dv = e^x dx,  du = dx,  v = e^x
x·e^x − ∫ e^x dx = x·e^x − e^x + C
```

Bwanji munthu akasankha mopotoza, u = e^x ndi dv = x dx? Samu yatsopano imatuluka ∫ ½·x²·e^x dx. Pomwe panali x pabwera x², ndiye kuti katundu walemera m'malo mopepuka. Sikuti walakwa masamu, chilichonse chomwe walemba n'choona, koma akulowera kosafika. Kusankha kolakwikaku n'koyenera silaidi yakeyake, chifukwa wophunzira amene wakuonapo kamodzi amadziwa pobwerera.

Mabuku ambiri amapereka mawu akuti LIATE, omwe Herbert Kasube anafalitsa mu 1983, monga mndandanda wosankhira u. Amathandiza, koma amangogwira ntchito ukatsimikiza kale kuti njira ndi ya magawo. Wongothamangira LIATE pa samu A amatenga u = x, n'kutsala ndi dv = e^(x²) dx, yomwe v wake sangalembedwe ndi mafomula wamba ngakhale utachezera usiku wonse. Ndiye funso la sabusitityushoni liyambe nthawi zonse, popeza kuliyankha kumangofuna kuyang'anitsitsa.

Mzere womaliza pa silaidi ukhale wotsimikizira yankho. Derivetivu ya x·e^x − e^x ndi e^x + x·e^x − e^x. Zoyamba ndi zomaliza zikafafanizana, kwatsala x·e^x, yomwe ndi samu B ija.