Kusandutsa chithunzi cha magetsi kukhala mndandanda wa mawu

Chithunzi chimene amisiri amajambula posonyeza mayendedwe a magetsi chimaoneka chodzaza mizere, koma nkhani yake ndi yaifupi: muli zipangizo zanji, ndipo mwendo uti wagwirana ndi uti. Zimenezi zimalembeka m'mawu wamba, moti mungazitumize pa uthenga wa pafoni mnzanu n'kulumikiza zonse osaona chithunzicho. Mndandanda wotere amautcha netilisiti, ndipo kalembedwe kake kofala n'ka pulogalamu ya SPICE, imene inatuluka pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 1973.

Chinsinsi chili pa waya. Waya salembedwa pamndandanda ngati chipangizo. Malo onse amene waya walumikiza popanda chipangizo pakati ndi mfundo imodzi, ngati mfundo ya chingwe, kaya wayayo wakhota kangati papepala. Choncho tengani cholembera, tsatani waya aliyense mpaka mutagunda chipangizo, ndipo mfundo iliyonse muipatse nambala. Nambala 0 ndi ya mfundo imene mavoti onse amayezedwa kuchokera pamenepo, kawirikawiri mbali ya − ya batire.

Tiyese ndi batire ya mavoti 12 ndi marezisita awiri otsatizana, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi tija. Woyamba ndi wa maomu 1,000, wachiwiri 2,000. Mfundo zilipo zitatu: 1 pamene + ya batire yakumana ndi rezisita woyamba, 2 pakati pa marezisitawo, ndi 0 pobwerera ku batire.

```
Batire ndi marezisita awiri
V1 1 0 DC 12
R1 1 2 1k
R2 2 0 2k
.op
.end
```

Mzere woyamba ndi mutu chabe, ndipo `.op` akuuza pulogalamu kuti iwerengere mavoti. Mizere itatu yapakatiyo ikutchula dzina la chipangizo, mfundo ziwiri zimene miyendo yake yaponda, kenaka kukula kwake. Rezisita mungamutembenuze, palibe chosintha. Batire ayi: nambala yoyamba ndi ya mbali ya +.

Musakhulupirire mndandanda musanawerengere nokha. Mavoti 12 agawika molingana ndi kukula kwa marezisita: woyamba atenga 4, wachiwiri 8. Ndiye pa mfundo 2 payenera kuoneka mavoti 8. Tsono dzanja litaterereka n'kulemba `R2 3 0 2k`, rezisita wachiwiri alendewera m'malere, magetsi sayenda, ndipo pa mfundo 2 paoneka 12. Cholakwa chotere chimagwidwa ndi maso: nambala ya mfundo imene yapezeka kamodzi kokha pamndandanda ndiye kuti mwendo wina sunagwire kanthu.

Pena vuto limayambira pachithunzi penipeni. Mizere iwiri ikapingasana popanda kadontho, mawayawo angodutsana, ndi mfundo ziwiri zosiyana. Wojambula mothamanga amaiwala kadonthoko, choncho ndi bwino kumufunsa m'malo moganizira. Chenjeraninso ndi chilembo `M`. Kwa SPICE chimatanthauza gawo limodzi mwa 1,000, moti wofuna rezisita wa maomu miliyoni imodzi alembe `1MEG`.