Kukhuthala kwa msewu kumachokera pa nambala ziwiri

Lipoti la mapulani a msewu likanena kuti pansi pa phula paikidwe miyala yophwanya yokhuthala mamilimita 200, injiniya ayenera kusonyeza kumene nambalayo yachokera. Imachokera ku katundu amene msewuwo udzasenze ndiponso ku mphamvu ya dothi limene udzakhalepo.

Tiyambe ndi katundu. Magalimoto ang'onoang'ono sawerengedwa kwenikweni, chifukwa amene amatha msewu ndi malole. Muyeso wake ndi ekiselo imodzi yosenza matani pafupifupi 8.2. Ekiselo ikasenza kuwirikiza kawiri pamenepo, imawononga mowirikiza ka 16 kapena kuposa, n'chifukwa chake malole amayenera kukwezedwa pa sikelo, kuwawerenga kokha sikukwanira.

Tinene kuti mbali imodzi ya msewu pamadutsa malole 100 patsiku, ndipo sikelo yasonyeza kuti iliyonse imawononga ngati maekiselo atatu. Pachaka ndiye kuti maekiselo 109,500. Malolewo akamachuluka ndi 4 pa 100 alionse chaka ndi chaka, pa zaka 15 nambalayo imafika pafupifupi 2.2 miliyoni. M'buku la Overseas Road Note 31, lolembedwera mayiko otentha ngati athu ano, msewu wotere uli m'gulu la T4.

Dothi nalo limayesedwa ndi njira yotchedwa CBR. Amalitsendera m'chitini, n'kuliviika m'madzi masiku anayi ngati msewuwo udzanyowe kwambiri nthawi ya dzinja, kenako amalibaya ndi chitsulo kuti aone kulimba kwake poyerekeza ndi miyala yophwanya. Likapeza 6, lili m'gulu la S3. Pokumana T4 ndi S3, tchati cha msewu wa phula lopyapyala chimapereka mamilimita 200 a miyala pamwamba pa mamilimita 275 a gelevulo. Dothi likadapeza 20, gelevuloyo akadangokhala mamilimita 125. Pa makilomita ambiri, kusiyana kumeneku ndi ndalama zankhaninkhani.

Pamene malipoti ambiri amaterereka ndi posankha nambala ya dothi. Kuphatikiza zotsatira za maenje onse n'kutenga yapakati n'kulakwa, pakuti theka la msewu lidzakhala pa dothi lofooka kuposa lomwe linawerengeredwa. Amayenera kutenga nambala yotsika, imene maenje asanu ndi anayi mwa khumi alionse akuifikira kapena kuiposa. Malo a dambo ndi a makande, dothi lakuda limene limafufuma likanyowa n'kung'aluka likauma, awerengedwe paokha.

Katundu nayenso amanamiza. Malole omwe aja akamadzaza mopyola, iliyonse n'kufika pa maekiselo asanu, nambala ija imakwera kufika 3.7 miliyoni, gulu la T5, ndipo gelevulo amafunika mamilimita 325. Msewu wochepekedwa chonchi umadziwika ndi mikwasa yolowa pansi modutsa matayala komanso ming'alu yolukanalukana pa phula.

Lipoti lopanda zotsatira za sikelo ndi mapu osonyeza pamene maenje oyesera anakumbidwa lisavomerezedwe.