Malangizo a wotsatsa malonda a Tsiku la Anakubala pa masamba a mchezo

Sitolo ikalemba ntchito munthu wotchuka pa Facebook kapena TikTok kuti aitsatsire malonda a nyengo inayake, imamupatsa kalata ya malangizo. Nthawi zambiri imakhala ya tsamba limodzi, ndipo imayankha mafunso atatu: anene chiyani, aulule bwanji kuti walipidwa, komanso atulutse liti. Chitsanzo chabwino ndi sitolo ya zitenje yomwe ikukonzekera Tsiku la Anakubala, limene ku Malawi limakhala pa 15 Okutobala.

Uthenga umayenera kukhala umodzi, woti munthu angaubwereze kwa mnzake osasokoneza. Sitolo ingalembe kuti wogula zitenje ziwiri adzatenga chachitatu pa theka la mtengo. Pansi pake imaika mfundo zosasinthika, monga kumene sitoloyo ili, zitenje zomwe zatsitsidwa mtengo ndi tsiku lomaliza. Mawu enawo amasiyidwira wotsatsayo, chifukwa omutsatira amadziwa kayankhulidwe kake, ndipo akayamba kulakatula zolembedwa ndi wina amazindikira msanga. Kalatayo imatchulanso zoletsedwa. Asanene kuti zitenjezo sizisuluka ngati palibe umboni, poti kutsatsa kosocheretsa ogula n'koletsedwa ndi malamulo omwe bungwe la Competition and Fair Trading Commission limayang'anira.

Pa nkhani youlula, chofunika n'chakuti woonera adziwe kuyambira pachiyambi kuti akuonera malonda. Malipiro si ndalama zokha: chitenje chaulere kapena kagawo pa zogulitsidwa ndi malipironso. Choncho kalata imauza wotsatsa kuti ayatse chizindikiro cha "Paid partnership" chomwe chimapezeka pa Facebook ndi Instagram, alembe #ad koyambirira kwa mawu, komanso anene ndi pakamwa mu kanemayo kuti akugwira ntchito ndi sitoloyo. Kuika #ad kumapeto, komwe sikuoneka mpaka munthu atadina kuti awerenge zotsala, n'chimodzimodzi kubisa.

Masiku amawerengedwa chobwerera m'mbuyo. Ogula ambiri ndi ana a m'tauni omwe amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi, ndipo mphatso iyenera kukwera basi n'kukafika kumudzi tsikulo lisanakwane. Motero sitoloyo ingafune kanema woti iunike pofika pa 22 Sepitembala, n'kudzipatsa masiku awiri ovomereza. Kanema woyamba angatuluke pa 30 Sepitembala, matumba asanauma, wokumbutsa pa 8 Okutobala, ndipo womaliza pa 13. Kanema wotuluka pa 15 penipeni amangokolola ndemanga, wogula atagula kale kwina.

Kalatayo imanenanso nthawi yomwe kanema adzakhale pa tsamba, poti zoika pa Status ya WhatsApp zimafufutika pakatha maola 24. Imatchula tsiku loti wotsatsa atumize zithunzi za chiwerengero cha oonera, tsiku la malipiro, ndi choti achite katundu akatha msanga. Akapanda kuchotsa kapena kukonza uthengawo, anthu amapitabe kusitolo kukafunsa mtengo womwe unatha kale.